Akangoti "ndipangireni galafu" basi, yambani kuwerenga kolamu yoyamba

Funso: "Akulu, ndimagwira ntchito pa kabizinesi kotaipa ndi kupulinta. Anthu amanditumizira tebulo la manambala pa Excel, ena pa WhatsApp, nkungoti ndipangireni galafu, osanena ya mtundu wanji. Ndikatsegula Insert ndimaona mitundu yambirimbiri ndiye ndimangodina imene yandisangalatsa. Kodi ndizisankha bwanji?"

Achimwene, musanafike nkomwe ku Insert kuja, khalani kaye ndi tebulolo mphindi ziwiri kapena zitatu. Ine ndagwira ntchito ya manambala ndi malipoti zaka zambiri ndithu ndipo mpaka lero chinthu choyamba chimene ndimachita ndi chomwecho, ndimayang'ana kolamu yoyamba ya kumanzere nkudzifunsa kuti kodi m'menemu muli chiyani. Nthawi zambiri mumakhala chimodzi mwa zitatu. Kaya muli nthawi, monga zaka, miyezi, masabata. Kaya muli maina a zinthu, monga maboma, masukulu, mitundu ya katundu. Kapena muli anthu mmodzimmodzi, mzere uliwonse mwana wasukulu mmodzi, wodwala mmodzi, lisiti imodzi. Mukadziwa chimenechi mitundu yambirimbiri ija yatsala iwiri kapena itatu basi.

Pali kanjira kamene ndimaphunzitsa anyamata atsopano kosiyanitsira ziwiri zoyambazo. Yerekezani kuti mwasokoneza mizere ya tebulolo, wa pansi mwauika pamwamba, wa pakati mwauika pansi. Ngati tanthauzo lasokonekera, monga Malichi kubwera patsogolo pa Januwale, ndiye kuti ndondomekoyo ndi nkhani payokha ndipo galafu ya mzere, imene Excel amaitcha Line, ndi yoyenera. Ngati palibe chimene chasintha, Dedza kukhala pamwamba pa Ntcheu kapena pansi pake zonse chimodzimodzi, pamenepo mzere ayi, mufunika mizati, kaya yoimirira imene amaitcha Column kapena yogona imene amaitcha Bar. Chifukwa chake nchoti mzere umauza woona kuti pakati pa kadontho aka ndi ako pali ulendo, chinthu chinachoka apa nkufika apo. Pakati pa 2008 ndi 2018 ulendowo ulipodi, anthu anali kubadwa chaka chilichonse. Koma mukalumikiza Chitipa ndi Karonga ndi mzere, pakati pakepo pali chiyani? Palibe. Munthu aona mzere ukukwera nkumati zinthu zikukwera pomwe mwangosanja maina motsatira zilembo.

Tiyeni titenge tebulo lenileni. Tinene kuti wina wakutumizirani chiwerengero cha anthu m'Malawi muno malinga ndi kalembera amene a National Statistical Office ku Zomba amachititsa. M'mamiliyoni, titafupikitsa, zili chonchi: 1966 anthu 4.0, 1977 anthu 5.5, 1987 anthu 8.0, 1998 anthu 9.9, 2008 anthu 13.1, 2018 anthu 17.6. Kolamu yoyamba ndi zaka, ndiye funso layankhidwa kale, mzere. Koma apa ndi pamene Excel amagwetsa anthu ambiri. Zaka zija kwa iye ndi manambala ngati ena onse, ndiye mukasankha makolamu onse awiri ndipo pamwamba pa zakapo mwalemba mutu woti Chaka, kawirikawiri amazijambula ngati mzere wachiwiri. Mudzaona mzere wina utagona pamwamba pafupi ndi 2000, wina utagona pansi pafupi ndi ziro, ndipo m'munsi m'malo mwa zaka mwalembedwa 1, 2, 3 mpaka 6. Mukaona zimenezo kompyuta siinaonongeke ayi. Fufutani mawu oti Chaka aja kuti kabokosi ka pakona kakhale kopanda kanthu nkuyambiranso, kapena dinani pa galafuyo, pitani ku Select Data, chotsani Chaka kumanzere, kenako kumanja pa Horizontal (Category) Axis Labels dinani Edit nkusankha zakazo.

Palinso kena kobisika kamene ndimafuna mukamvetse chifukwa kamanamiza anthu ophunzira omwe. Line ya Excel, ikapatsidwa zaka wamba chonchi, imaziika motalikirana mofanana osasamala kuti pakati padutsa zaka zingati. Pa tebulo lathuli vuto ndi laling'ono poti mipata ndi zaka 11, 10, 11, 10, 10, diso silingaone kusiyana. Koma tinene kuti kasitomala wanu wangolemba zaka zinayi, 1966, 1987, 2008 ndi 2018. Kuchoka 1966 kufika 1987 anthu anaonjezekera 4.0 miliyoni, kuchoka 1987 kufika 2008 anaonjezekera 5.1, kuchoka 2008 kufika 2018 anaonjezekera 4.5. Pa galafu ya mipata yofanana chigawo chomalizacho chioneka chogonako kuposa chapakati, ndiye munthu anena kuti kuchulukana kwayamba kuchepa. Chonsecho 5.1 uja ndi wa zaka 21, pafupifupi anthu 240,000 pachaka, pomwe 4.5 uyu ndi wa zaka 10 zokha, anthu 450,000 pachaka. Galafu yanena zosemphana ndi tebulo popanda nambala ngakhale imodzi yolakwika. Mankhwala ake ndi kusankha Scatter with Straight Lines and Markers, yomwe imaona zakazo ngati mtunda weniweni, zaka 21 zimatenga malo aakulu kuposa zaka 10. Ndiye mukaona nthawi mu kolamu yoyamba, onaninso ngati mipata yake ili yofanana musanadine Line.

Tsopano tebulo lachiwiri, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa mtundu uwu ndi umene mudzaulandire kwambiri. Kolamu yoyamba zigawo za dziko, kenako makolamu awiri, 2008 ndi 2018. Kumpoto 1.7 ndi 2.3, Pakati 5.5 ndi 7.5, Kummwera 5.9 ndi 7.8, mzere womaliza Malawi yense 13.1 ndi 17.6. Uthenga wake: pangani galafu. Basi.

Choyamba kuchita ndi kusiya kunja mzere womalizawo. Anthu pafupifupi onse amaika totala pansi pa tebulo, ndipo mukakoka mbewa nkusankha zonse totalayo amalowa ngati chigawo chachinayi. Pa mizati mudzaona mzati umodzi wautali kwambiri ena onse atafupika. Pa galafu yozungulira ija imene amaitcha Pie, yooneka ngati chigumu chodulidwa, chizindikiro chake nchosasowa, chidutswa chimodzi chimatenga theka ndendende, chifukwa totala ndi wofanana ndi zina zonse pamodzi. Mukadzaona theka ndendende pa Pie bwererani ku tebulo.

Tikachotsa totala, katebulo kakang'ono aka kangathe kuyankha mafunso atatu osiyana, ndipo funso lililonse lili ndi galafu yake. Ichi ndicho chinthu chimene ndikufuna mutenge pa zonse ndikulembazi: tebulo limanyamula mafunso ambiri nthawi imodzi koma galafu imayankha limodzi, ndiye ntchito yanu yeniyeni ndi kupeza funso limene mwini tebulo ali nalo m'mutu ngakhale sanalitchule.

Mwina akufuna kuonetsa kuti chigawo chilichonse chinali ndi anthu angati kale ndipo chili ndi angati tsopano. Pamenepo Clustered Column, zigawo zitatu m'munsi, chilichonse mizati iwiri yoyandikana, wa 2008 wotuwa wa 2018 wakuda bwino. Mizati isanu ndi umodzi, diso limailandira kamodzi. Ndipo ngati sindingathe kumufunsa mwini wake, iyi ndi imene ine ndingapange, chifukwa siitaya nambala iliyonse ya m'tebulomo ndipo sindikumuikira mawu m'kamwa.

Mwina akufuna kudziwa kumene anthu anaonjezekera kwambiri. Funso limeneli yankho lake mulibe nkomwe m'tebulomo, mufunika kupanga kolamu yatsopano, 2018 kuchotsapo 2008. Mupeza Kumpoto 0.6, Pakati 2.0, Kummwera 1.9. Mizati itatu basi, ndipo nkhani yatulukira imene pa galafu yoyamba ija inali yovuta kuiona, yoti chigawo cha Pakati chinaonjezera anthu ambiri kuposa Kummwera ngakhale Kummwera kunali kutsogolabe pa chiwerengero chonse mu 2018. Pa mizati iwiriiwiri ija woona amayenera kuchotsera m'mutu mwake, ndipo anthu sachotsera m'mutu akamaona galafu, amangoona chachitali ndi chachifupi.

Kapena mwina akufuna gawo la chigawo chilichonse pa dziko lonse mu 2018, Kumpoto 13 peresenti, Pakati 43, Kummwera 44. Apa ndi pamene anthu amathamangira Pie, ndipo sindikukanizani, zidutswa ndi zitatu zokha ndipo zikuphatikizana kukhala 100, malamulo ake onse akwanira. Ngati uthenga ndi woti Kumpoto kuli anthu ochepa poyerekeza ndi kwinaku, Pie iunena bwino lomwe. Koma ngati uthenga ndi woti ndani akutsogola pakati pa Kummwera ndi Pakati, Pie singathandize, 43 ndi 44 pa bwalo zimasiyana ndi madigiri osakwana 5 mwa 360, palibe diso limene lingaone. Izi si zokonda zanga chabe, William Cleveland ndi Robert McGill anayesa anthu pa nkhani imeneyi mu 1984 ndipo anapeza kuti timayerekeza molondola kwambiri zinthu zimene zaima pa mzere umodzi wa poyambira kuposa kukula kwa ngodya. Mizati yonse imayambira pansi pamodzi, zidutswa za chigumu chilichonse chimayambira pake.

Pa Pie ndionjezere kamodzi kenanso chifukwa ndimakumana nako pafupipafupi. Kuona chizindikiro cha peresenti pa kolamu sikutanthauza kuti Pie ikuyenera. Phatikizani kaye. Ngati tebulo ndi la masukulu asanu ndi peresenti ya ana amene anakhoza pa sukulu iliyonse, tinene 72, 65, 80, 58, 90, zimenezo zikuphatikizana kukhala 365, si zidutswa za chinthu chimodzi, sukulu iliyonse ili ndi 100 yakeyake. Excel sakana, ajambula bwalo lokongola koma lopanda tanthauzo lililonse. Pamenepo ndi mizati.

Nkhani ya poyambira ndiyofunika kuitchula pano tidakali ndi manambala omwewa. Tinene kuti mwangosankha zigawo ziwiri, 7.5 ndi 7.8. Manambala akayandikana chonchi Excel payekha amasiya kuyambira pa ziro, amayambira chapamwamba, tiyerekeze pa 7.3. Ndiye mzati wa Pakati utalika 0.2, wa Kummwera 0.5, woona aganiza kuti Kummwera kuli anthu ochuluka kawiri ndi theka, pomwe kusiyana kwenikweni ndi pafupifupi 4 peresenti. Mzati umalankhula ndi kutalika kwake, mukaudula miyendo wanama. Dinani manambala a m'mbali aja, Format Axis, pa Bounds ikani Minimum pa 0. Pa galafu ya mzere lamuloli ndi lofewako poti kumeneko diso limatsata kukwera ndi kutsika osati kutalika, mwachitsanzo kutentha kwa thupi la wodwala simungakuyambire pa ziro mudzaone kanthu, koma pa mizati ine sindinyengerera.

Maina akachuluka, monga tebulo la maboma onse 28, zinthu ziwiri zimasintha. Mizati igoneke, Bar osati Column, chifukwa maina ngati Nkhotakota, Chiradzulu, Nkhata Bay akaikidwa m'munsi mwa mizati yoimirira amapendekeka, kapena Excel amangodumpha ena osakuuzani, muwerenge mupeza maina 14 pomwe mizati ndi 28. Akagona dzina lililonse limakhala pa mzere wake munthu amawerenga ngati kalata. Chachiwiri, sanjani tebulolo kuyambira nambala yaikulu kufika yaing'ono musanajambule, osati motsatira zilembo. Palibe amene amafunsa kuti boma loyamba ndi B ndi liti, amafunsa kuti lalikulu ndi liti, laling'ono ndi liti, langa lili pati. Mukasanja tebulo la chiwerengero cha anthu, Lilongwe akhala kumapeto kwina Likoma kumapeto kwinako ndipo mafunso onsewo ayankhidwa. Mudzadabwa kuti Bar ya Excel imatembenuza, woyamba m'tebulo amakhala pansi, ndiye dinani mainawo, Format Axis, chongani Categories in reverse order. Ndipo utoto wa mtundu umodzi wokha pa mizati yonse, mitundu 28 siuza munthu kanthu, makamaka kwa inu amene mumapulinta, poti zambiri zimakathera pa pulinta ya inki yakuda kenako pa fotokope, zofiira ndi zobiriwira zimatuluka zotuwa chimodzimodzi. Ngati kasitomala ndi wa ku Balaka ndipo nkhani yake ndi Balaka, dayani mzati umodzi umenewo ena onse akhale otuwa.

Mtundu wachitatu uja, wa mzere uliwonse munthu mmodzi, ndi umene umavuta anthu kwambiri chifukwa tebulo lotere silinakonzeke kujambulidwa. Mphunzitsi wakutumizirani maina a ana 120 ndi malikisi awo. Mukadina Column mupeza timizati 120 tothinana ngati mpanda wa bango, palibe chimene mphunzitsiyo aonepo. Chimene akufuna kudziwa, ngakhale sananene, ndi choti ana ambiri ali pati, angati alephera, angati akhoza bwino. Ndiye muyambe mwawaika m'magulu, 0 mpaka 9, 10 mpaka 19, mpaka kumapeto, nkuwerenga kuti gulu lililonse muli ana angati. Excel wa 2016 ndi obwera pambuyo pake ali ndi Histogram amene amachita zimenezi yekha, koma ngati wanu ndi wakale werengani nokha gulu lililonse chonchi, mwachitsanzo la 40 mpaka 49, malikisi ali mu kolamu B:

```
=COUNTIFS(B:B,">=40",B:B,"<50")
```

Kenako jambulani mizati ya magulu khumiwo. Apa musasanje kuyambira wamkulu ayi, maguluwa ali ndi ndondomeko yawo kale. Ndipo taonani ubwino wina, maina a ana aja sakuonekanso pa pepala limene mwina likapachikidwa pakhoma. Ngati mphunzitsi yemweyo ali ndi makolamu awiri a manambala pa mwana aliyense, tinene masiku amene anajomba ndi malikisi, funso lobisika limakhala loti kodi ojomba kwambiri ndi amene akulephera, pamenepo Scatter ya madontho okha opanda mzere, mwana aliyense kadontho kamodzi.

Musanatumize chilichonse onani ngati manambala onse alidi manambala. Matebulo otaipidwa pamanja amabwera ndi zinthu ngati K1,500 kapena 1 500 ya mpata pakati, kapena chilembo O m'malo mwa ziro, ndipo Excel zimenezo amaziona ngati mawu nkuzijambula ngati ziro mwakachetechete. Tsiku lina ku ofesi ina kumene ndinkagwira ntchito lipoti linafika mpaka kumsonkhano likuonetsa kuti mwezi wina sikunagulitsidwe kanthu, anthu anakangana nthawi yaitali kufunafuna wolakwa, chonsecho wotaipa anangoika chilembo O m'malo mwa ziro. Chiyambire pamenepo ndimayamba ndi kafomula aka, kamene kamandiuza kuti timabokosi tingati tili ndi kanthu koma si nambala:

```
=COUNTA(B2:B29)-COUNT(B2:B29)
```

Kakatulutsa 0 zili bwino. Kakatulutsa 2, fufuzani manambala awiri amene atsamira kumanzere kwa kabokosi pomwe anzawo atsamira kumanja. Kabokosi kopanda kanthu nakonso musakadzaze ndi ziro chifukwa chofuna kuti mzere usaduke, mwezi umene lipoti silinabwere ndi wosiyana ndi mwezi umene sikunagulitsidwe kanthu, bola mzere uduke pamenepo anthu aone kuti palibe nambala.

Komanso makolamu akakhala a miyezo yosiyana, wina matumba a chimanga wina ndalama m'makwacha, musawaike pa galafu imodzi. Matumba 40 pafupi ndi makwacha mamiliyoni sadzaoneka nkomwe. Excel ali ndi Secondary Axis inde, koma mizere iwiri ya miyezo iwiri mungathe kuidutsanitsa paliponse pamene mwafuna pongosintha manambala a m'mbali, ndiye ine ndimapanga magalafu awiri ang'onoang'ono, ina pamwamba pa inzake, miyezi yake yofanana m'munsi.

Nanga kumufunsa mwini wake? Funsani, koma osati kuti mukufuna galafu yanji, chifukwa akanadziwa akananena kale, ndipo ambiri angoyankha kuti yozungulira ija poti ndi imene amaikumbukira. Funso limene limagwira ntchito ndi loti, munthu akaona galafuyi mukufuna anene kuti chiyani? Yankho lake limakupatsani zonse. Akati ndikufuna aone kuti zakwera, mzere. Akati aone kuti ife tikuposa enawa, mizati yosanjidwa. Akati aone kuti ndalama zambiri zikupita ku chinthu chimodzi, pamenepo Pie ingalowe ngati zidutswa sizikupitirira zinayi kapena zisanu. Ndipo mawu amene wayankhawo ndi amene muwalembe pamwamba pa galafu m'malo mwa Chart Title uja anthu amamuiwala. Pa tebulo la zigawo lija mutu ungakhale woti "Chigawo cha Pakati chinaonjezera anthu ambiri pakati pa 2008 ndi 2018", pansi pake tizilembo ting'onoting'ono toti manambala ali m'mamiliyoni ndipo achokera ku kalembera. Mukalephera kulemba chiganizo chotere ndiye kuti simunadziwebe chimene galafuyo ikunena.

Akakhala kuti sakuyankha foni ndipo ntchito ikufunika mawa m'mawa, musamutumizire magalafu asanu kuti asankhe, mwangomubwezera katundu amene anakutumani. Pangani imodzi imene kolamu yoyamba yakulozerani, iyang'aneni pa foni yanu kaye muone ngati zilembo zikuwerengeka poti iyenso akaionera pa foni, nkuitumiza ndi kauthenga kachidule ngati aka: "Bwana, ndapanga mizati yoyerekeza zigawo zitatu mu 2008 ndi 2018, totala ndamusiya kunja kuti asaphimbe zinazo. Ngati mumafuna kuonetsa kumene anthu anaonjezekera kwambiri ndiuzeni, ndi mphindi zisanu kusintha."